Kachubu koyeretsa msanga kamene kamakana kusiyidwa

Mwa mafuta onse oyeretsa khungu amene amagulitsidwa mu Lusaka muno, amene amandidetsa nkhawa kwambiri si mabotolo akuluakulu aja okhala ndi chithunzi cha karoti kapena papaya. Ndi timachubu ting'onoting'ono ta magalamu 15 kapena 30, timene ogulitsa amaunjika m'kabeseni pambali pa mabotolowo n'kumati ndi "tosakanizira". Mukayenda ku Soweto, ku City Market, ku Kamwala kapena pa tuntemba ta m'makomboni mutipeza, ndipo mtengo wake ndi woti ngakhale mwana wa sukulu atha kugula ndi ndalama ya basi. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndiye timachubuti ndimatidziwa. Ambiri mwa ito si mafuta odzola ayi. Ndi mankhwala enieni a m'gulu la masiteroyidi, amene sayenera kuperekedwa popanda kalata ya dokotala.

Amene amapezeka kwambiri ndi kulobetaso. Pakachubu amalemba tizilembo tating'ono kuti `clobetasol propionate 0.05%`, ndipo mnzake wocheperako mphamvu amalembedwa `betamethasone`. Maina akuluakulu a pamwamba amasinthasintha, ena amajambulapo ndimu, ena mkazi womwetulira, choncho dzina lofunika kuliwerenga ndi la tizilembo tating'onolo.

Kulobetaso ndi mankhwala abwino akakhala m'manja oyenera. Munthu amene khungu lake latupa, lakhakhala ndi kuyabwa chifukwa cha matenda ena a pakhungu amapeza mpumulo m'masiku ochepa. Koma ali m'gulu la pamwamba penipeni pa masiteroyidi odzola, ndipo mphamvu yake imaposa ya haidirokotizoni, amene timapereka pa totupa wamba, kokwana mazana angapo. N'chifukwa chake malangizo ake ndi okhwima. Amapakidwa pang'ono, pamalo odwala pokha, kwa milungu iwiri, ikachuluka inayi, ndipo osapitirira magalamu 50 pa mlungu. Kumaso, m'khwapa ndi m'mphechepeche sapakako pokhapokha dokotala wa khungu atanena, chifukwa khungu la m'malo amenewa ndi lopyapyala ndipo limamwa mankhwala ambiri. Tsono taganizani munthu akudzola mankhwala amenewa thupi lonse, m'mawa ndi madzulo, chaka chino ndi chamawa.

Kuyera kumene kulobetaso amabweretsa kumachokera m'njira zitatu, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene ili ya thanzi. Choyamba, amafinya timitsempha ta magazi ta pansi pa khungu, ndiye khungu limatuwa n'kuoneka lowala. Zimenezi sizitenga nthawi, n'chifukwa chake wogula amabwerera kwa wogulitsa mlungu usanathe akusimba kuti mafutawa ndi enieni. Chachiwiri, amafooketsa timaselo timene timapanga melanini, utoto wachibadwa umene umapatsa khungu lathu mtundu wake. Chachitatu, amaletsa khungu kudzimanga. Khungu la munthu limakhala likudzikonza tsiku ndi tsiku, likupanga ulusi wolimbitsa wa mkati mwake, ndipo siteroyidi wamphamvu amachedwetsa ntchito imeneyi. Khungu limayamba kupyapyala. Miyezi yoyambirira kupyapyalako kumaoneka ngati kusalala, ndipo anthu amayamikira kuti mwanenepera bwino, mukudzola chiyani. Nthawi yoyamikiridwayi ndi imene imakola anthu.

Mayi wina wa ku Chawama, wogulitsa salaula m'tauni, anabwera kwathu akufuna mankhwala a zipere. Sananene za mafuta, ndipo palibe amene amayamba ndi kunena zimenezo. Anati zipere zake zakana mankhwala onse, ndipo atakweza nsalu pang'ono ndinaona chibanga chachikulu chochokera m'chiuno kutsikira m'ntchafu, chopanda mkombero wooneka bwino uja umene chipere chimakhala nawo. Ndinayang'ana manja awo. Kuseri kwa dzanja kunali koyera mbee, koma mfundo za zala zinali zakuda bii. M'masaya munali timitsempha tofiira tooneka ngati ulusi, ndipo pachibwano ndi pamphumi panali tiziphuphu tambirimbiri tofanana msinkhu.

"Amayi, mundikhululukire, mumadzola mafuta anji?"

"Loshoni chabe, mwana wanga, ya masiku onse."

"Mumaikamo kena kake?"

Anaseka, n'kuyang'ana kukhomo ngati kuli wina womvera. "Timachubu tuja. Koma ndimasungunula, sindidzola teniteni. Anandiuza kuti ukasakaniza ndi loshoni yambiri mphamvu imachepa."

Apa m'pamene ambiri amanamizidwa, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Mayiwa ankafinyira timachubu tinayi ta magalamu 30 m'botolo limodzi la loshoni, ndipo botololo linkatha pa milungu iwiri. Timachubu tinayi ndi magalamu 120. Pa mlungu umodzi ndi magalamu 60, pa tsiku ndi magalamu oposa 8. Loshoni ija sichotsa kanthu pa mankhwalawo. Ntchito yake ndi kuwathandiza kufalikira thupi lonse, ndipo botolo likatha magalamu 120 onse aja apita pakhungu. Malire a dokotala ndi magalamu 50 pa mlungu kwa milungu yowerengeka, pomwe iwo anali pa 60 kwa zaka zoposa zitatu. Mapepala a opanga kulobetaso amachenjeza okha kuti ngakhale magalamu 2 pa tsiku atha kusokoneza mahomoni a m'thupi. Iwo ankadzola kanayi kuposa pamenepo, osawerengera kachubu kena kamene ankapaka kosasungunula pa mfundo za zala ndi m'zigongono pofuna kuti pafanane ndi pena ponse.

Mfundo za zala, zigongono, mawondo ndi akakolo zimakanika kuyera chifukwa khungu lake ndi lochindikala ndipo limakhala likupindika ndi kukhuzika. Nkhope imayera msanga chifukwa khungu lake ndi lopyapyala. N'kumene kunachokera chipongwe chija cha m'minibasi chakuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Kokakola. Ine chipongwechi sindichikonda, chifukwa amene amachinena mokweza nthawi zambiri ndi omwewo amene amatembenuza khosi mkazi woyera akamadutsa. Koma wogulitsa amachikonda, poti chimamugulitsira kachubu kachiwiri ka mfundo za zala, ndi kabotolo kachitatu ka mawondo.

Zipere za mayi aja zinali zipere ndithu, koma siteroyidi anali atazibisa. Mankhwalawa amagonetsa chitetezo cha pakhungu. Kuyabwa ndi kufiira kumachepa, mkombero umazimiririka, koma tizilombo toyambitsa chipere timapeza mpata wofalikira popanda wotiletsa. Mphere nazo zimachita chimodzimodzi, zimachuluka mpaka kupanga nkhanambo, ndipo ana a m'nyumbamo amatengera. Kupereka mankhwala a zipere kwa munthu amene akupitiriza kudzola kulobetaso n'kutaya ndalama, chifukwa chibangacho chimachepa pang'ono n'kubweranso.

Chizindikiro china chimene sichinama ndi mizere. Amayi ambiri ali ndi mizere ya pamimba yobwera ndi uchembere, yopyapyala ndi yotuwa. Ya siteroyidi ndi ina. Imakhala yotakata, nthawi zina ngati chala, yofiirira kapena yakuda, ndipo imatuluka m'malo achilendo: m'khwapa, m'mikono, kuseri kwa mawondo, m'ntchafu, pamabere. Pamenepo ulusi wa mkati mwa khungu waduka. Mtundu wake utha kuzirala pakapita nthawi, koma mzerewo suchoka, ngakhale mutagula mafuta odula bwanji. Khungu lotere limachita mikwingwirima mukangogunda pachitseko, ndipo bala lake limachedwa kupola. Madokotala ochita opaleshoni amadandaula nalo chifukwa ulusi wosokera umang'amba m'malo mogwira.

Izi ndi za kunja. Za mkati n'zimene zinandichititsa kuwapempha mayi aja kuti akhale pampando ndiwayeze kuthamanga kwa magazi, ndipo kunali kokwera. Nkhope yawo inali yozungulira, yodzaza m'masaya, kuseri kwa khosi kuli kanyama kotukuka, mimba yaikulu koma miyendo yowonda. Iwo ankati ndi kunenepa kwa ukulu. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamapanga homoni yotchedwa kotizo, imene imathandiza kusunga shuga ndi kuthamanga kwa magazi pamlingo woyenera, makamaka munthu akadwala kapena akavulala. Kulobetaso amalowa m'magazi kudzera pakhungu n'kumagwira ntchito ngati kotizo wochuluka mopitirira muyeso. Zotsatira zake ndi kunenepa kwa mtundu umenewu, shuga kukwera, magazi kuthamanga, mafupa kufooka, msambo kusokonekera, tsitsi kumera pachibwano. Akamapakidwa pafupi ndi maso kwa nthawi yaitali atha kubweretsa ng'ala, kapena kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuwononga kuona.

Ndipo pali china choopsa kuposa izi. Thupi likaona kuti kotizo wachuluka m'magazi, ubongo umaleka kutuma tiziwalo tija kuti tipange wake. Miyezi ikapita tili chigonere, sitidzuka tsiku limodzi. Munthu wotere akasiya mafuta mwadzidzidzi, kapena akadwala malungo aakulu, kapena akalowa m'chipinda cha opaleshoni madokotala osadziwa, thupi limasowa kotizo pa nthawi imene likumufuna kwambiri. Amafooka, amachita chizungulire akaimirira, amasanza, magazi amatsika, ndipo atha kukomoka ngakhale kufa kumene. N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu, ena a iwo alaliki, akulangiza kuti "tayani mabotolo onse lero lomwe". Kwa amene wadzola kumaso kokha kwa milungu ingapo, malangizowo alibe vuto lalikulu. Kwa amene wadzola thupi lonse kwa zaka, ndi malangizo oika moyo pachiswe.

Ngakhale mahomoni asanasokonekere, khungu lokha limakana kusiya. Pakangopita masiku ochepa osadzola, timitsempha tija tinafinyidwa timatseguka mopitirira, nkhope imatentha ngati yapsa ndi moto, imayabwa, imatupa, imasenda, ziphuphu zimabuka. Kenako melanini amabwerera mwamphamvu, ndipo poti khungu lotupa limasiya banga lakuda pa ife anthu akuda, munthu amada kuposa mmene analili asanayambe, kudanso kwa mawangamawanga. Amapirira mlungu umodzi, anthu kuntchito n'kuyamba kufunsa ngati akudwala. Akapakanso kachubu kaja, m'masiku awiri zonse zaphwa. Ndiye amakhulupirira kuti mafutawa ndi amene akumuchiritsa, osadziwa kuti ndi omwewo akumudwalitsa.

Mukamvetsa zimenezi, funso lakuti n'chifukwa chiyani mafutawa ali ponseponse limayankhika theka. Wamalonda aliyense amalakalaka katundu wotchipa poguula, wopepuka kunyamula, wosawola, woonetsa zotsatira msanga, ndipo woti wogula akayamba sangasiye. Kachubu ka kulobetaso kali ndi zonsezi. Timachubu mazanamazana timakwana m'chikwama chimodzi pansi pa zitenje, ndipo malire athu ndi ambiri, a Kasumbalesa, a Nakonde, a Mwami, a Chirundu. Wogula mmodzi akakodwa amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo vuto lililonse limene mafutawo abweretsa limasanduka malonda ena: sopo wa ziphuphu, mafuta a mizere, ochotsa mabanga, oyeretsa mfundo. Sindikunena kuti mayi wa pamsika amene amagulitsa amadziwa zonsezi. Ambiri amadzola okha katundu wawo, ndipo nkhope yawo ndiyo chikwangwani cha malonda. Akusaka ya lendi ndi ya sukulu monga tonsefe.

Theka linalo la yankho ndi lakale, ndipo ndi lathu. M'nthawi ya atsamunda khungu linali ndi mtengo wake wooneka ndi maso: mzungu pamwamba, mmwenye ndi mkaladi pakati, munthu wakuda pansi, ndipo ntchito, malipiro, sukulu ndi malo okhala zinkatsata mndandanda womwewo. Amalonda sanapange mndandandawo, koma anaupeza n'kuukolola. Ku South Africa, m'zaka za tsankho, magazini a anthu akuda ankadzaza ndi zithunzi za mafuta oyeretsa, zolonjeza ntchito ya mu ofesi ndi mwamuna wa tayi. Mapasa awiri, Abraham ndi Solomon Krok, analemera kwambiri ndi malonda amenewa, ndipo pambuyo pake ndi iwo anaika ndalama pomanga nyumba yosungiramo mbiri ya tsankho ku Johannesburg. Amayi athu akuluakulu amakumbukirabe dzina la Ambi. Ku India, kampani ya Unilever inayamba kugulitsa Fair & Lovely mu 1975, ndipo inasintha dzinalo kukhala Glow & Lovely mu 2020 anthu atadzudzula kwambiri. Mafuta a makampani akuluakuluwa kawirikawiri sakhala ndi siteroyidi, ndipo sayeretsa kwenikweni. Koma ndi iwo anali ndi ndalama zobwerezera uthenga wakuti kuyera ndiko kupita patsogolo, ndipo munthu akagula n'kuona kuti sakusintha amatsikira kumsika kukafuna champhamvu.

Masiku ano sakulembanso kuti "yeretsani khungu". Amalemba za kuwala, kufananitsa mtundu, kuchotsa mabanga, ndipo amaonjeza kuti ndi zachilengedwe. Malonda ambiri asamukira pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp, kumene mtsikana amasakaniza yekha m'chidebe kunyumba, n'kuthira m'timabotolo tokongola topanda mndandanda wa zimene zilimo, n'kutcha dzina lakelake. Chithunzi cha "kale" amajambulira m'chipinda chamdima, cha "tsopano" panja ndi sefa ya foni. Ndikamva kuti mafuta a zipatso ndi zitsamba ayeretsa munthu m'masiku asanu ndi awiri, ndimadziwiratu kuti muli china chimene sichinalembedwe. Karoti ndi ndimu sizichita zimenezo.

Komabe tisamangoloza chala kunja. Mwana akabadwa, azakhali amathamangira kuyang'ana nsonga za makutu kuti aone ngati adzada. Mkwatibwi akamayandikira kichini pate, pamapezeka wina womunong'oneza kuti ayambe "kukonza khungu" kuti adzaoneke bwino pazithunzi. Amuna ena amanyoza odziyeretsa pagulu, koma kunyumba ndi iwo amapereka ndalama ya mafuta, ndipo amuna odzola nawonso alipo, si ochepa. Mayi wa ku Chawama uja sanayambe ndi cholinga choyera. Atabereka mwana wachitatu anatsala ndi mabanga akuda m'masaya, aja amabwera ndi pakati, ndipo mnzake wa pamsika anamupatsa kachubu kuti achotse mabangawo. Nkhope itayera kuposa khosi anayamba kudzola khosi, kenako mikono, kenako thupi lonse. Ambiri amene ndimakumana nawo analowa pakhomo lomweli la mabanga ndi zipsera za ziphuphu.

Siteroyidi sayenda yekha. M'mabotolo akuluakulu aja nthawi zambiri mumakhala haidirokwinoni, amene pa botolo amalembedwa `hydroquinone`. Iyeyu amatsekereza ntchito yopanga melanini m'maselo. Madokotala a khungu amamugwiritsa ntchito pa mabanga, wa 2 mpaka 4 pa 100 alionse, pabanga pokha, kwa miyezi yochepa, pamodzi ndi mafuta oteteza kudzuwa. Akadzoledwa kwa zaka, makamaka munthu akumakhala padzuwa, amachita zosiyana ndi zimene anagulidwira. M'masaya, m'mbali mwa maso ndi pamphumi pamada mwa mtundu wina, kuda kobiriwira ngati mwaye, ndipo mukayang'anitsitsa pamakhala timadontho tating'onoting'ono tothithikana. Dokotala wa ku South Africa, George Findlay, ndi anzake analemba za vutoli mu 1975 ataliona pa anthu akuda odzola mafutawa. Utoto umenewo umakhala pansi penipeni pa khungu, ndipo kuuchotsa n'kovuta kwambiri ngakhale ndi makina a kuchipatala. Choipa n'chakuti mwini wake akaona kudako amaganiza kuti mafuta achepa mphamvu, n'kuonjezera. South Africa inaletsa haidirokwinoni m'mafuta odzola mu 1990, mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya mu 2001, ndipo Ivory Coast, Ghana ndi Rwanda anakhwimitsanso malamulo awo m'zaka za pakati pa 2015 ndi 2018.

Dzuwa lathu limakulitsa vutoli. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo amene amagulitsa panja mu Okutobala amalidziwa ukali wake. Melanini ndiye chishango chimene tinabadwa nacho. Abale athu achialubino, amene alibe melanini wokwanira, amavutika ndi khansa ya pakhungu chifukwa cha dzuwa lomweli. Wodziyeretsa amachotsa chishangocho, n'kupyapyalitsanso khungu, kenako n'kukhala pa thebulo la tomato kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Wachitatu ndi mekyuli, ndipo iyeyu ndi wovuta chifukwa saoneka, sanunkha, ndipo opanga ambiri salemba. Akalemba amagwiritsa maina ngati `mercurous chloride`, `calomel`, `mercuric iodide` kapena `ammoniated mercury`. Amapezeka m'timabotolo ta kirimu wolimba ndi m'sopo wina. Amalowa pakhungu n'kukaunjikana m'impso ndi m'mitsempha ya ubongo. Kale mu 1972 madokotala a ku Nairobi analemba za atsikana ndi amayi ambiri odwala impso amene ankadzola mafuta a mekyuli. Zizindikiro zake ndi mkodzo wa thovu losaphwa msanga, kutupa kwa mapazi ndi zikope m'mawa, manja kunjenjemera, dzanzi, kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi kupsa mtima kosadziwika chiyambi. Ndipo sakhala pa wodzola yekha. Amatsalira pa thaulo, pa pilo, pa nsalu yoberekera mwana, amadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba, amapezekanso mumkaka wa m'mawere. Pangano la mayiko la Minamata la 2013, limene Zambia inavomereza, linaika malire a gawo limodzi pa miliyoni, ndipo mu 2023 mayikowo anagwirizana kuti pofika 2025 mekyuli asaikidwenso n'komwe m'zodzola. Koma mafuta oyezedwa m'mayiko osiyanasiyana akhala akupezeka ndi mekyuli wochuluka kuposa malirewo kokwana masauzande. Kunyumba palibe njira yodalirika yoyezera. Botolo lopanda mndandanda wa zimene zilimo, lopanda dzina ndi keyala ya wopanga, ine ndimaliyesa lokayikitsa basi.

Kuno kwathu mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndipo kulobetaso malo ake ndi m'sitolo ya mankhwala yovomerezeka, osati pa thebulo la pamsika. Koma lamulo limagwira mosavuta sitolo yokhala ndi chikwangwani ndi laisensi. Chidebe chosakanizira m'bafa ya munthu, katundu wake n'kumatumizidwa ndi wanjinga yamoto, n'chovuta kuchipeza.

Mayi aja sindinawagulitse mankhwala a zipere tsiku limenelo. Ndinawapempha kuti apite kukiliniki atanyamula botolo losakaniza lija ndi timachubu topanda kanthu, akanene zoona zonse, ndipo apemphe kalata yopita kwa madokotala a khungu kuchipatala chachikulu cha UTH. Anazengereza. "Akandizazira, mwana wanga. Anesi aja pakamwa." Ndinawauza kuti mwina wina angayankhule mosasamala, koma kubisa kungawapweteke kuposa mawu. Ndinawachenjezanso kuti asasiye okha lero lomwe.

Njira imene anadutsamo ndi imene ambiri otere amadutsamo. Anawayeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, n'kuwatenga magazi m'mamawa kuti aone mlingo wa kotizo, poti ndi nthawi imene amayenera kukhala wokwera. Mafuta a haidirokwinoni ndi ena osadziwika anasiyiratu nthawi yomweyo, chifukwa amenewo safuna kutsika pang'onopang'ono. Siteroyidi ndiye anamutsitsa mwa masitepe: kuchoka pa kawiri pa tsiku kufika kamodzi, kenako kudumphitsa masiku, kenako kusinthira ku wofooka, zonsezi pa milungu yambiri ndipo dokotala akuona. Ena amene tiziwalo tawo tagona kwambiri amapatsidwa mapiritsi a haidirokotizoni kwa kanthawi kuti thupi lisasowe. Zipere zinafuna mankhwala akumwa, chifukwa zinali zitakula moti opaka okha sakanakwanitsa. Pakhungu ankangodzola mafuta wamba opanda fungo, ngati Vaselini, kusamba ndi sopo wofatsa osakhula ndi mwala kapena chinkhupule, ndi kuvala chipewa chachikulu pamsika. Mafuta oteteza kudzuwa, olembedwa `SPF 30` kapena kuposa, ndi odula kwa munthu wa salaula, choncho anawasungira nkhope, khosi ndi manja.

Miyezi iwiri yoyambirira inali yowawa. Nkhope inatupa n'kusenda, anada mawangamawanga, ndipo anzawo pamsika anayamba kunong'onezana kuti mwina ndi matenda aja. Anandiuza kuti tsiku lina anafika pa thebulo la timachubu ndalama ili m'manja, n'kubwerera. Patapita miyezi ingapo mtundu unayamba kufanana, ziphuphu zinatha, zipere zinapola, masaya anaphwa. Kuthamanga kwa magazi kunatsika koma sikunafike pabwino, moti akumwabe mankhwala. Mizere ya m'khwapa ndi m'ntchafu ilipobe, ndipo kuda kobiriwira kwa m'masaya, kumene kunabwera ndi botolo lalikulu lija, sikunasunthe kwenikweni. Mabanga a uchembere amene anayambitsa zonsezi akanatha kuchepa ndi chipewa, mafuta oteteza kudzuwa ndi mankhwala oyenera opaka pabanga pokha kwa miyezi itatu kapena inayi.

Amene amandivuta mtima kwambiri ndi amayi oyembekezera, chifukwa ambiri amaonjezera kudzola kuti adzatuluke m'chikuta akuwala. Ku Dakar, m'dziko la Senegal, madokotala anatsatira amayi apakati odzola mafutawa, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2007 zinaonetsa kuti amene ankadzola masiteroyidi amphamvu ankabereka ana ochepa thupi kawirikawiri kuposa anzawo. Kusikelo amafunsa za mankhwala amene mukumwa, ndipo mayi amayankha moona mtima kuti palibe, poti kwa iye zimene zili m'botolo la loshoni ndi mafuta chabe. Ngati mwakhala mukusakaniza timachubu kwa miyezi, nenani kusikelo pa ulendo woyamba, ndipo nenaninso kwa dokotala wogonetsa ngati mukupita ku opaleshoni iliyonse, ngakhale yobereketsa. Akadziwa amakonzeratu jakisoni wa haidirokotizoni woti akupatseni pa nthawi ya opaleshoniyo, ndipo amasamala kasokedwe ndi kasamalidwe ka bala.